Ana anga ankakhuta koma osakula

Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala m'tauni ya Nkhata Bay, kumtunda kwa msika. Kwathu kwenikweni ndi ku Kasungu, kuno ndinabwera ndi banja. Ndimagulitsa nthochi ndi zitumbuwa pafupi ndi pokwerera maminibasi a ku Mzuzu. Ndapereka umboni uwu chifukwa vuto limene linandigwera lili m'nyumba zambiri za m'mphepete mwa nyanja, ndipo limalowa mwakachetechete, pakhomo poti moto ukuyaka tsiku lililonse.

Bambo a ana anga anapita ku Joni, monga achitira amuna ambiri a boma lino. Poyamba ndalama zinkabwera mwezi ndi mwezi. Kenaka ntchito inawathera, ndalama zinayamba kubwera mwa apo ndi apo mpaka kusiyiratu. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya mafuta ophikira, sopo, shuga ndi nsomba inakwera nthawi imodzi. Pakhomo tinatsala anthu asanu: ine, apongozi anga aakazi, mwana wachisamba wa zaka 10, wapakati wa zaka 6, ndi mzime amene anali atangokwanitsa zaka ziwiri.

Njala yeniyeni sitinaione. Apongozi ali ndi munda wa chinangwa kumudzi, choncho ufa wa kondowole sunkasowa. Ndikachotsa za lendi, makala ndi mpamba wa geni, ndinkatsala ndi K1,000 ya ndiwo pa tsiku. Ndalama imeneyi inkagula kamulu ka nsomba, tomato ndi kamafuta ka m'pepala. Kuti ndiwo zikwanire masana ndi madzulo, mumphika munkachuluka madzi. Akuluakulu ndi ana awiri oyambawo tinkagawana tinsombato, pamene wamng'onoyo ankamunyemera kondowole n'kumuviikira mu msuzi, poopa kuti minga ingamulase pakhosi. Mmawa ankamwa phala la ufa woyera lothira shuga ndi mchere. Mimba inkadzadza, mwana n'kugona.

Patapita miyezi ingapo tinayamba kuona zachilendo. Mwana uja, amene kale sankakhazikika, ankangokhala pamphasa n'kumalira popanda chifukwa. Tsitsi lake linayamba kupyapyala ndi kufiirira. Chimfine chikamugwira chinkatenga nthawi kuti chimusiye, ndipo kachilonda kakang'ono ka pamwendo kankakana kupola. Anzanga a pageni ena ankati ndi mano, ena ankati pali munthu wamuyang'ana ndi diso loipa. Ine usiku tulo sindinkaliona.

Kusikelo ndi kumene zinaululika. Mlangizi wa zaumoyo, mayi wachikulire ndithu, anatsegula buku la mwanayo n'kundionetsa mzere wa kulemera kwake. Mmalo mokwera, mzerewo unali utagona kwa miyezi yotsatizana. Anatenga kalamba kamitundu itatu n'kukulunga pakati pa mkono wa kumanzere, ndipo kanaima pa masentimita 12.2. Anandifotokozera kuti kwa mwana wa pakati pa miyezi 6 ndi zaka 5, pansi pa 11.5 ndi pofiira, kutanthauza kunyentchera koopsa, kuyambira 11.5 mpaka 12.5 ndi pachikasu, chenjezo. Kupitirira apo ndi pobiriwira. Wanga anali pachikasu. Kenaka anadinikiza zala zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu n'kuchotsa. Sipanatsale dzenje. Anapumira m'mwamba n'kunena kuti pakanatsala maenje mbali zonse ziwiri, kukanakhala kutupikana, ndipo tikanapita kukaonana ndi adokotala tsiku lomwelo.

Mwanayo anamuyeza malungo ndi kumupatsa mankhwala a njoka za m'mimba, chifukwa matenda amenewa nawo amabwezera mwana m'mbuyo ngakhale akudya bwino. Atatero, mlangiziyo anandifunsa kuti, "Ama, tandiuzani zonse zimene mwanayu wadya kuyambira dzulo mmawa. Musandiuze zimene munaphika, mundiuze zimene zinalowa m'kamwa mwake." Ndinatchula phala, kondowole, msuzi, nthochi, kondowole, msuzi. Iwo anagwedeza mutu n'kuti, "Nsima ili ngati nkhuni, imayatsa moto m'thupi. Koma nyumba simangidwa ndi nkhuni, imafuna njerwa. Mwana wanuyu nkhuni ali nazo, njerwa ndiye sakuzilandira."

Njerwa zimenezo ndi zakudya zomanga thupi, zimene a zaumoyo amati mapuloteni. Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti ufa wa chinangwa ndi ufa wa chimanga amasiyana kwambiri pa nkhani imeneyi. Mu magalamu 100 a mgaiwa muli magalamu pafupifupi 9 a mapuloteni, pamene mu ufa wa kondowole wolemera chimodzimodzi muli galamu imodzi kapena awiri basi. Mwana wa ku Kasungu amene amadya mgaiwa amapezako zomanga thupi pang'ono ngakhale ndiwo zikhale zoperewera. Mwana wa kondowole amapeza zochepa kwambiri m'nsimamo. Pafupifupi zonse ziyenera kuchokera mu ndiwo. Ndipo msuzi wa nsomba si nsomba. Kununkhira ndi mchere zimapita m'madzi, koma gawo lalikulu la zomanga thupi limatsala mu mnofu umene amadya akuluakulu.

Mlangiziyo anandilembera manambala atatu kumapeto kwa buku. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zitatu amafuna magalamu pafupifupi 13 a mapuloteni pa tsiku. Wa zaka 4 mpaka 8 amafuna pafupifupi 19. Wa zaka 9 mpaka 13 amafuna pafupifupi 34. Ana anga atatu pamodzi ankafuna magalamu 66 pa tsiku. Titawerengera zimene wamng'onoyo anadya dzulo lake, sizinafike ndi theka lomwe la gawo lake.

Nditafika kunyumba n'kufotokoza, apongozi anakwiya. Anati, "Mkamwana, ife tonse tinakula ndi kondowole. Mwamuna wako amene anakula ndi kondowole. Lero akuti kondowole ndi amene akudwalitsa ana?" Ndinawayankha modekha kuti, "Ama, palibe amene wanyoza kondowole. Koma nthawi imene munkalera ana anu, nsomba zinali zochuluka bwanji?" Anakhala chete kanthawi, kenaka anayamba kusimba okha mmene usipa unkachulukira kale, kuti munthu ukathandiza kukoka bwato unkabwerera ndi mbale yodzadza osalipira kanthu. Anavomera kuti nsima ndi yomweyo, chasintha ndi mbale ya ndiwo. Kuyambira pamenepo anakhala mbali yanga.

Funso linatsala linali la ndalama. K1,000 sinali yoti ingakule, choncho ndinayenera kudziwa kuti ndi chakudya chiti chimene chimandipatsa zomanga thupi zambiri pa ndalama yomweyo. Mnzanga wina wogulitsa mpunga ali ndi sikelo yaing'ono, ndipo anandilola kuyezapo. Mwana wanga wachisamba, amene masamu amawakonda, ndiye ankalemba. Mitengo ndikutchulayi ndi ya nthawi imeneyo, lero inasintha, koma kawerengedwe kake ndi komweko.

Dzira linali K300, choncho K1,000 inkagula mazira atatu. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6, ndiye kuti ndalama yonse ya tsiku inkandipatsa magalamu 18, ongokwanira mwana mmodzi. Mulu wa usipa wouma wa K1,000 unalemera magalamu 100, ndipo popeza usipa ukauma madzi amachoka, kuposa theka la kulemera kwakeko ndi mapuloteni, magalamu opitirira 50. Nyemba zinali K3,000 pa kilogalamu, ndiye K1,000 inkandipatsa magalamu pafupifupi 70 a zomanga thupi. Nsawa zoswa za K1,000 zinkapereka pafupifupi 100. Soya ndiye anatidabwitsa: pa K1,500 kilogalamu, K1,000 inkabweretsa magalamu opitirira 200. Nyama ya ng'ombe sitinavutike nayo, chifukwa K1,000 inkangogula kachidutswa, theka lake fupa.

Munthu ataona manambala amenewa akhoza kuganiza zongodya soya yekhayekha. Mlangizi uja anandichenjeza kuti ayi. Mapuloteni a nsomba ndi mazira thupi la mwana limawagwiritsa ntchito mosavuta kuposa a mbewu, komanso usipa umadyedwa wonse, mutu ndi minga yomwe, ndipo mmenemo muli zolimbitsa mafupa ndi zowonjezera magazi zimene mu soya ndi nyemba mwana sangazipeze mokwanira. Kamimba ka mwana wa zaka ziwiri n'kakang'ono, sikangalandire mbale yodzadza nyemba. Amafuna chakudya chochepa koma cha mphamvu. Ndiye tinagwirizana kuti mbewu zotchipazo zisenze katundu wamkulu, koma nsomba isasowe m'mbale ya mwana tsiku lililonse, ngakhale ikhale sipuni imodzi.

Ndinasiya kugula ndiwo za tsiku ndi tsiku. Ndinayamba kusonkhanitsa K7,000 ya sabata yonse n'kuigawa motere: K3,000 ya usipa wouma, K1,500 ya theka la kilogalamu ya nyemba, K1,000 ya nsawa, K750 ya theka la kilogalamu ya soya. K750 yotsalayo inali ya mchere, kamafuta ndi dzira limodzi mwa apo ndi apo. Titaphatikiza, zakudya zimenezi zinali ndi magalamu opitirira pang'ono 500 a mapuloteni, pamene ana atatuwo ankafuna pafupifupi 460 pa sabata. Ine ndi apongozi tinkatsamira pa masamba otendera ndi nyemba zotsala. Sabata yoyamba inali yowawa, chifukwa kuti ndipeze K7,000 ya pamodzi ndinabwereka kubanki m'khonde ya amayi a kutchalitchi kwathu, n'kumabweza pang'onopang'ono.

Chimene chinasintha mwana wanga kwenikweni ndi ufa wa usipa, choncho ndifotokoze bwino kapangidwe kake. Zimayambira pogula. Ndimasankha usipa woyanikidwa pathandala, osati pamchenga, chifukwa mchenga ukalowa m'nsomba suchoka ngakhale mupete bwanji. Ndimatenga kamodzi n'kukathyola: kakathyoka ndi kaphokoso, ndiye kuti kauma, kakangopindika, muli madzi ndipo kachita nkhungu masiku ochepa. Ndimanunkhiza, chifukwa usipa wokhalitsa umamveka fungo la mafuta owola ndipo umasanduka wachikasu. Ndimayang'ananso pansi pa mulu. Pakakhala fumbi lambiri ndi tizilombo, nsombazo zadyedwa kale m'kati, mukugula makoko.

Kunyumba ndimapeta usipawo n'kuchotsa zinyalala, koma mitu sindidula. Ndimaika chiwaya chouma pamoto wochepa, wopanda mafuta, n'kumatembenuza mpaka nsomba ziume gwaa ndi kuyamba kununkhira. Moto ukachuluka zimapserera n'kuyamba kuwawa, ndipo mwana amalavula. Zikazizira ndimasinja mu mtondo woyera ndi wouma, n'kusefa ndi sefa ya ufa. Zotsala pamwamba pa sefa ndimazibwezera mu mtondo mpaka zonse zipyole. Apa ndi pamene mantha a minga amathera, chifukwa minga yasanduka ufa ndipo mwana akuidya. Ufawo ndimausunga m'botolo louma lotsekeka bwino, pamalo opanda dzuwa. Sindipanga wambiri, wa sabata imodzi basi, poti usipa uli ndi mafuta ndipo kuno kumatentha ndi kuchita chinyezi. Ukayamba kumangana mabulumwa kapena kusintha fungo, ndi wotaya.

Sipuni yaikulu yodzadza bwino ya ufa umenewu imalemera magalamu pafupifupi 10, ndipo ili ndi magalamu 5 kapena 6 a mapuloteni. Ndiye kuti sipuni imodzi ikufanana ndi dzira limodzi. Pa mitengo ija, sipuniyo inkandidya K100 pamene dzira linali K300. Ndimathira ufawo m'ndiwo kapena m'phala zikadali pamoto, n'kulola kuti zibwate mphindi zingapo. Poyamba mwanayo ankakana phala lonunkha nsomba, ndiye ndinayamba ndi kasipuni kakang'ono m'chigwada chotendera, chimene ankachikonda kale, n'kumawonjezera mpaka anazolowera.

Soya ali ndi malamulo ake. Wosaphika bwino amatupitsa mimba, ndipo muli zinthu zimene zimalepheretsa thupi kugaya zomanga thupi zomwezo. Zimafa ndi moto basi. Ndimasankha soya n'kuchotsa miyala ndi wowola, kenaka ndimamukazinga pamoto wapakati, kutembenuza osaleka, mpaka atafiirira ndipo njere ikatafunidwa ikukoma ngati nsawa yokazinga. Ikamamveka chiwisi, sanapse. Ena amamuthira m'madzi owira kale kwa mphindi pafupifupi 30 n'kumuyanika. Chofunika n'chakuti soya wosaphika asakhudzane ndi madzi ozizira, chifukwa ndi pamene amatulutsa fungo lija limene anthu ambiri amadana nalo. Akazizira ndimamukonola pang'ono mu mtondo n'kupeta makoko. Ndikatero ndimasakaniza kapu imodzi ya soya ndi makapu anayi a chimanga, n'kupita nazo kuchigayo kuti agaye mgaiwa. Muyezo umenewu ndi womwe uli mu Likuni Phala, ufa umene zipatala ndi masukulu a m'dziko muno akhala akudyetsera ana kwa zaka zambiri. Chimangacho ndinkachipeza posinthanitsa ndi ufa wa kondowole kwa mnansi wathu wochokera ku Mzimba, amene ankafuna kondowole wa amuna ake.

Tsopano tsiku la mwana wamng'onoyo linakhala lotere. Mmawa phala la masipuni aakulu asanu a ufa wosakanizawo, limene limapereka magalamu pafupifupi 7. Masana kondowole ndi masamba othira sipuni ya ufa wa usipa, magalamu ena 5 kapena 6. Madzulo kondowole ndi chigwada chotendera nsinjiro, kapena nyemba zopota, magalamu ena atatu kapena kuposa. Zonse pamodzi zimafika 15 kapena 16, kudutsa 13 amene amafunika. Ana aakuluwo amamwa phala lomwelo m'mbale zokulirapo asanapite kusukulu, amadya usipa wathunthu masana, ndipo madzulo amalandira chipande chodzadza cha nyemba kapena masamba otendera.

Panali zinthu ziwiri zazing'ono zimene mlangizi anaumirira. Choyamba, phala likhale lolimba, loti silikuyenderera pa sipuni, ndipo muthiridwe kasipuni kakang'ono ka mafuta ophikira. Anati thupi likasowa mphamvu limawotcha mapuloteni omwewo mmalo momangira thupi, ndiye ndalama ya usipa imapita pachabe. Phala lamadzimadzi limadzadza mimba ndi madzi. Chachiwiri, mwana wamng'ono akhale ndi mbale yakeyake ndipo munthu wamkulu akhale naye pafupi. M'mbale ya onse amapambana ndi wa dzanja lalikulu, ndipo mayi sangadziwe kuti wamng'onoyo wadya zochuluka bwanji. Ntchito imeneyi anaitenga ndi apongozi, chifukwa masana ine ndimakhala pageni. Ndiwo za mdzukulu wawo amazipatula poyamba mphika usanafike kwa wina aliyense.

Kugula usipa kuno kumafuna kuyang'ana kumwamba. Asodzi amagwira usipa usiku ndi makoka a chilimira, ndipo amakopa nsombazo ndi nyali. Mwezi ukawala kwambiri, nsomba sizisonkhana pa nyali, mabwato amabwerako opepuka ndipo mulu wa pamsika umachepa pa ndalama yomweyo. Kukakhala mdima, usipa umachuluka. Choncho ndinaphunzira kugula wambiri m'masiku a mdima, mmamawa kugombe komweko asanaugule a pikulitsa opita nawo ku Mzuzu. Waiwisi ndikaupeza wotchipa ndimauviika pang'ono m'madzi owira a mchere n'kuuyanika pathandala, ndiye usipa wofutsa umene umasungika bwino. Usipa wathunthu wouma bwino umakhalitsa kuposa wosinja, n'chifukwa chake ndimasunga wathunthu n'kumasinja pang'onopang'ono.

Nyengo yovuta kwambiri ndi ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, pamene nyanja imakalipa ndipo asodzi amatha masiku osalowa m'madzi. Mwayi wake ndi wakuti nthawi imeneyi ndi imene alimi a ku Mzimba ndi chigawo chapakati amakhala atangokolola soya, nsawa ndi nyemba, ndipo mitengo yake imakhala pansi. Ndiye m'miyezi imeneyi ndimachepetsa ndalama ya nsomba, kusiya yongokwanira sipuni ya wamng'onoyo ndi pang'ono ya akulu ake, n'kuwonjezera ya mbewu. Dalaivala wina wodziwana naye amandigulira soya kumsika wa ku Mzuzu, kumene amatchipirapo. M'dzinja vuto limatembenuka: nsomba zimavuta kuuma chifukwa cha mvula, ndipo mbewu zimakwera mtengo. Apa amatipulumutsa ndi soya wosungidwa, masamba ochuluka, ndi ngumbi zikatuluka mvula yoyamba.

Pali chakudya china chimene ine wa ku Kasungu ndinkachiyang'ana patali, nkhungu za m'nyanja. Ndi tizilombo ting'onoting'ono touluka timene timatuluka m'madzi mwaunyinji, moti mlendo akaona patali amayesa utsi. Mphepo ikazikankhira kumtunda, amayi amazikola ndi malichero onyowa, n'kuziumba timikate, kuzikulunga m'masamba, kuziphika ndi kuziumitsa. Apongozi ndi katswiri pa ntchito imeneyi. Zili ndi zomanga thupi zambiri ndipo sizidya ndalama. Amanyema kachidutswa n'kukazinga ndi tomato, ana amadyera kondowole mosangalala.

Sizinayende mosalala zonse. Nsawa zinandiphunzitsa kusamala. Kuno mvula imagwa yambiri ndipo chinyezi chimalowa paliponse, choncho nsawa zimachita chuku msanga. Chukucho chimasiya poizoni amene satha ndi kukazinga kapena kuphika, amawononga chiwindi ndipo amasokoneza kakulidwe ka mwana. Nsinjiro zogula zosinjasinja kale simungadziwe kuti munalowa zotani. Ine ndimagula nsawa zathunthu, n'kuzitsanulira m'lichero, kutaya zonse zofota, zosweka, zakuda kapena zowawa. Zotayazo sindipatsa ngakhale nkhuku.

Nyemba nazo zili ndi mtengo wobisika, makala. Nyemba zouma zikhoza kudya makala a ndalama yofanana ndi mtengo wake. Ndimaziviika usiku wonse, kutaya madziwo mmawa, n'kuphika ndi madzi atsopano. Zimapsa msanga ndipo sizivutitsa m'mimba kwambiri. Za wamng'onoyo timazipota n'kuchotsa makoko. Chigwada nacho chiyenera kusinjidwa bwino ndi kuwira mokwanira mphika uli wosavundikira, chifukwa masamba a chinangwa ali ndi ululu womwe uja umene timachotsa poviika chinangwa m'madzi.

Panali nthawi ina pamene mwanayo anatsegula m'mimba ndipo kulemera kwake kunabwereranso pansi. Mtima unandisweka, ndinaona ngati ntchito yonse yapita m'madzi. Kuchipatala anatipatsa thanzi ndi timapiritsi ta zinki, n'kutiuza kuti tisamusiyitse chakudya, ndipo akachira tiwonjezere chakudya kamodzi pa tsiku kwa masabata awiri. Tinayambanso kuwiritsa madzi ake akumwa ndi kumusambitsa m'manja ndi sopo asanadye. Zomanga thupi zimene zalowa m'kamwa n'kutuluka ndi kutsegula m'mimba sizimanga kanthu.

Zizindikiro zoyamba za kusintha sizinaoneke pa sikelo. Mwanayo anayamba kusewera, kuthamangitsa nkhuku, ndi kulirira chakudya yekha. Kenaka mzere wa m'buku unadzuka n'kuyamba kukwera. Patatha miyezi ingapo kalamba kaja kanaima pa masentimita 13, pobiriwira. Tsitsi latsopano linamera lakuda kunsi kwa lofiira lija, ndipo tinamumeta. Wapakati uja, amene aphunzitsi ankati amasinza m'kalasi, anasiya kusinza atayamba kupita kusukulu atamwa phala. Msinkhu ndiye umachedwa kubwerera. Mlangizi anandiuza mosabisa kuti kulemera kumabwerera msanga, koma kutalika kumene mwana wataya m'zaka ziwiri zoyambirira kumavuta kukubweza konse. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira. Si onse mwa iwo amene amagona ndi njala.

Ndinene poyera malire a zimene ndafotokozazi. Ufa wa usipa ndi phala la soya ndi za mwana amene akudya, amene ali pobiriwira kapena pachikasu ndipo a zaumoyo akumuona. Mwana amene ali pofiira, amene mapazi atupa, amene akukana chakudya kapena wafooka, si wa mtondo ndi sefa ayi. Ameneyo ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo, kumene kuli chiponde ndi mkaka wapadera. Mwana wosakwana miyezi 6 ndi wa bere lokha, ndipo woyamwa apitirize kuyamwa mpaka zaka ziwiri uku akudya zinazi. Komanso zomanga thupi si zonse. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene amatiphunzitsa kusikelo ali ndi masamba, zipatso ndi mafuta, ndipo kuno nthochi, mango ndi mapapaya sizisowa.

Bambo a anawa sanayambebe kutumiza ndalama mokhazikika, ndipo geni yanga ndi yomwe ija. Mitengo yakwera kangapo kuchokera nthawi imeneyo, moti K7,000 ija lero sigula zomwe inkagula. Mitengo ikasintha ndimabwereranso pa sikelo ya mnzanga uja ndi mwana wanga wachisamba, n'kuwerengera mwatsopano chimene chatchipa mwezi umenewo. Ndikuthokoza Mulungu amene anandikumanitsa ndi mlangizi woleza mtima, ndi apongozi amene anamva.

Amayi anzanga a m'mbali mwa nyanja, ndi abambo amene mumasiya ndalama ya ndiwo mmawa, musadikire kuti mapazi a mwana atupe. Pitani naye kusikelo mwezi uliwonse ndipo mufunse kuti akuonetseni mzere wake ndi mtundu umene kalamba kaima. Madzulo ano muyang'ane m'mbale ya mwana wamng'ono kwambiri pakhomo panu. Mukapezamo msuzi wokhawokha, mawa mugule mulu umodzi wa usipa wouma bwino, mukazinge, musinje, musefe, ndipo mumuthirire sipuni imodzi tsiku lililonse.